Bajeti ya malipiro ikasemphana ndi ndalama zimene zatuluka: mofufuzira cholakwika pa maola a antchito oduladula

Vutoli limakonda kuonekera patatha miyezi itatu kapena inayi chaka cha ndalama chitayamba. Wa zachuma akayika bajeti pambali pa ndandanda ya malipiro amene atuluka, manambala ake sagwirizana. Mzere wina ndalama zatsala zambiri ngati kuti munthu sakulipidwa, mzere wina zatsala pang'ono kutha chaka chisanafike ndi pakati pomwe. Palibe amene waba, palibe amene wakwezedwa malipiro. Mukayang'anitsitsa mupeza kuti mizere ya anthu ogwira ntchito tsiku lonse, sabata yonse, chaka chonse ili bwinobwino. Imene yasokonekera ndi ya anthu obwera masiku atatu pa sabata, ogwira theka la tsiku, kapena olembedwa kwa miyezi yochepa chabe.

Pa mafomu a bajeti, makamaka a mabungwe otithandiza ndi ndalama, anthu otere amawerengedwa ndi nambala yolembedwa kuti FTE. Tanthauzo lake ndi losavuta. Munthu wogwira maola onse amene malo anu a ntchito amawatcha athunthu ndi 1.0, ndipo wogwira theka la maolawo ndi 0.5. Mumatenga maola amene munthu amalipidwa n'kuwagawa ndi maola athunthu a nthawi yomweyo. Masamu ake mwana wa Sitandade 7 akhoza kuwachita. Chimene chimalakwika si kugawako ayi, koma manambala amene talowetsa: tagawa ndi maola angati, ndipo tikunena za sabata imodzi kapena chaka chonse.

Kuti tione bwino, tiyerekeze kabungwe ka zaulimi kamene chaka chake cha ndalama chimayamba pa 1 Epulo n'kutha pa 31 Malichi, monga chimachitira chaka cha boma masiku ano. Malipiro ndawaika ongoyerekeza kuti masamu aziyenda mosavuta. Ofesi yawo imagwira maola 40 pa sabata, Lolemba mpaka Lachisanu. Pali woyang'anira wogwira maola onse 40, wolandira K900,000 pamwezi. Pali akauntanti amene amabwera masiku atatu, maola 24, ndipo akanakhala wa masiku onse akanalandira K800,000. Pali kalaliki wolowetsa ziwerengero pa kompyuta, maola 20 pa sabata, amene adzayamba mu Julayi, ndipo malipiro athunthu a udindo wake ndi K400,000. Pali alangizi anayi a kumudzi ogwira maola onse 40 koma kuyambira Novembala mpaka Malichi basi, nyengo ya dzinja, aliyense K500,000 pamwezi. Pali wosamalira mu ofesi wobwera maola atatu m'mawa uliwonse, maola 15 pa sabata, pa udindo wa K200,000. Ndiye pali alonda awiri, wina wa maola 48 pa sabata wolandira K240,000, wina wothandizira wa maola 24. Anthu onse pamodzi ndi 10.

Munthu wina watuluka ndi FTE yoposa 1

Ichi ndi chizindikiro chosavuta kuchiona, ndipo nthawi zambiri chimayambira pa alonda, madalaivala kapena ophika. Wokonza bajeti waika 40 pansi pa aliyense, ndiye mlonda wa maola 48 watuluka 1.2, mnzake wa maola 24 watuluka 0.6. Pa pepala zikuoneka ngati muli ndi alonda okwana 1.8, pomwe zoona zake ndi 1.5.

Gwero lake ndi lakuti pamalo amodzi a ntchito pakhoza kukhala masabata athunthu awiri osiyana. Lamulo la ntchito la dziko la Malawi la mu 2000 limati maola a ntchito asapitirire 48 pa sabata, kupatula ovataimu. Amenewo ndi malire chabe, sikuti aliyense azigwira 48. Maofesi ambiri amagwira masiku asanu a maola 8, zomwe ndi 40, pomwe mashopu, ma esiteti ndi alonda amagwira masiku sikisi a maola 8, zomwe ndi 48. Tsono nambala yogawira siichokera ku lamulo kapena ku fomu, imachokera ku kontilakiti ya udindowo. Funso lofunsa pa mzere uliwonse ndi ili: munthu wogwira ntchito imeneyi mokwanira, amene amalandira malipiro athunthu a udindowu, amagwira maola angati?

Taonani mmene zimasiyanira. Akauntanti ndi mlonda wothandizira onse amagwira maola 24. Koma akauntanti ndi 24 kugawa ndi 40, zomwe ndi 0.6, pomwe mlonda ndi 24 kugawa ndi 48, zomwe ndi 0.5. Zili ngati kuyeza chimanga chomwecho ndi ndowa ziwiri zosiyana kukula. Mukasiya 1.8 ija mu bajeti, alonda atenga K5,184,000 pachaka m'malo mwa K4,320,000. Ndalama zokwana K864,000 zangokhala pamzere umene sizidzagwira ntchito, pomwe mwina zikusowa kwina.

Fomu yochokera kunja ili ndi msampha wakewake. Mafomu ambiri a ku America amatenga chaka cha maola 2,080, kutanthauza maola 40 kuchulukitsa ndi masabata 52. Ku England m'zipatala za boma sabata yathunthu ya antchito ambiri ndi maola 37.5, zomwe ndi 1,950 pachaka. Nthawi zina nambala imeneyi imakhala itakhomeredwa kale mkati mwa fomu, osaoneka pamwamba. Mukangolowetsa maola a anthu anu pa fomu ya maola 37.5, woyang'anira wa maola 40 uja atha kutuluka 1.07. Dinani pa kabokosi kamene kakupereka yankho muone chimene akugawira. Ngati eni fomu akufuna kuti mugwiritse ntchito nambala yawo, chitani zimenezo pa lipoti lawo, koma malipiro muwerengere pa maola a m'makontilakiti anu, ndipo mulembe pansi pa bajeti kuti 1.0 pano ndi maola angati.

Onaninso ola la nkhomaliro. Wolowa 8 koloko m'mawa n'kuweruka 5 koloko madzulo wakhala pa ofesi maola 9, koma ngati ola la nkhomaliro sililipidwa, wagwira 8. Cholakwika chimabwera pamene wa tsiku lonse mwamuchotsera ola limenelo koma wa masiku atatu mwamuwerengera 9 kuchulukitsa katatu, n'kupeza 27 m'malo mwa 24.

Bajeti yafufuma, ndalama zambiri sizikutuluka

Apa pamatayika ndalama zazikulu kuposa pena paliponse, ndipo chifukwa chake ndi chakuti FTE ilipo ya mitundu iwiri imene anthu amaitchula ndi dzina limodzi. Yoyamba imayankha funso lakuti sabata ino, munthuyu akugwira gawo lotani la sabata yathunthu. Yachiwiri imayankha lakuti m'chaka chonsechi, munthuyu adzagwira gawo lotani la chaka chathunthu. Wa kalembera wa antchito amakonda yoyamba, chifukwa ndi imene ili pa kontilakiti. Bajeti imafuna yachiwiri.

Alangizi anayi aja pa sabata ndi 1.0 aliyense, ndipo palibe bodza pamenepo. Koma adzakhalapo miyezi 5 mwa miyezi 12. Aliyense pachaka ndi 5 kugawa ndi 12, zomwe ndi 0.4167, ndipo anayi pamodzi ndi 1.6667. Amene waika 4.0 n'kuchulukitsa ndi malipiro a chaka chonse apeza K24,000,000, pomwe ndalama zenizeni ndi anthu anayi, miyezi isanu, K500,000, zomwe ndi K10,000,000. Kalaliki ali ndi zodula ziwiri pakamodzi: theka la sabata komanso miyezi 9 yokha, kuyambira Julayi mpaka Malichi. Ndiye 0.5 kuchulukitsa ndi 9, kugawa ndi 12, tipeza 0.375. Malipiro ake pachaka ndi K1,800,000, osati K2,400,000.

Mukaphatikiza anthu onse 10 aja, mu Disembala, pamene aliyense ali pantchito, bungweli lili ndi FTE 7.975. Pachaka chonse lili ndi 5.5167. Manambala atatu onsewa, 10, 7.975 ndi 5.5167, ndi oona, kungoti akuyankha mafunso osiyana. Ndikaona bajeti imene yangolemba nambala imodzi osanena kuti ndi ya nthawi iti, ndimayamba kuikayikira ndisanaone ndi masamu omwe.

Njira yotsekera khomo la vutoli ndi kusalola kuti munthu alembe FTE ndi dzanja. Pa Excel, ikani chiwerengero cha anthu mu mzati B, maola a pa sabata mu C, maola athunthu a udindowo mu D, miyezi mu E, ndi malipiro athunthu a pamwezi mu F. Zotsalazo zizidziwerengera zokha.

```
G2:  =C2/D2
H2:  =B2*G2*E2/12
I2:  =H2*F2*12
```

G ndi FTE ya pa sabata ya munthu mmodzi, H ndi FTE ya pachaka ya mzere wonse, I ndi malipiro a chaka. Pa bungwe lathuli I imapereka K10,800,000 ya woyang'anira, K5,760,000 ya akauntanti, K1,800,000 ya kalaliki, K10,000,000 ya alangizi, K900,000 ya wosamalira mu ofesi, K2,880,000 ndi K1,440,000 za alonda. Zonse pamodzi ndi K33,580,000.

Wina akayamba pakati pa mwezi, musamuponyere ku mwezi wathunthu. Woyamba pa 16 Julayi lembani 8.5 mu E, kapena werengani masiku a ntchito ngati umo ndi mmene mumalipirira mwezi wosakwanira. Ndipo ngati maola a munthu adzasintha pakati pa chaka, mwachitsanzo akauntanti kuchoka pa masiku atatu kupita pa asanu nthawi ya odita, mupatseni mizere iwiri, uliwonse ndi miyezi yake. Kufuna kupeza nambala imodzi ya pakatikati pamutu ndi kumene kumabweretsa 0.7 wosadziwika kochokera.

Ndalama za munthu mmodzi zikutha msanga

Uku ndi kulakwitsa kwa mbali inayo, ndipo n'koopsa kwambiri chifukwa bajeti imaoneka yaing'ono, yosangalatsa, palibe amene amaifunsa. Mzere wa akauntanti wapatsidwa K3,456,000, koma mwezi uliwonse akulandira K480,000. Pofika mwezi wachisanu ndi chitatu ndalamazo zatha.

Chachitika n'chakuti malipiro adulidwa kawiri. Wokonza bajeti wapempha ndandanda ya malipiro, waona K480,000 pa dzina la akauntanti, waiika mu F. Koma K480,000 ija ndi yodula kale, ndi 0.6 ya K800,000. Poichulukitsanso ndi 0.6, munthuyo wasanduka wa 0.36. Kusiyana kwake ndi K2,304,000 pachaka pa munthu mmodzi.

Kuligwira vutoli n'kosavuta mukadziwa poyang'ana. Tengani ndalama za mu bajeti za mwezi umodzi pa mzerewo, muzigawe ndi zimene zatulukadi. K288,000 kugawa ndi K480,000 ndi 0.6. Yankho likafanana ndendende ndi FTE ya munthuyo, palibenso chofufuza, mwadula kawiri. Kukonza kwake ndi kusankha njira imodzi: malipiro athunthu kuchulukitsa ndi FTE, kapena malipiro enieni a pa kontilakiti kuchulukitsa ndi miyezi popanda FTE. Ine ndimakonda yoyamba, chifukwa maola akasintha mumangosintha kabokosi kamodzi, koma yachiwiri ndiyo yabwino poyesera ngati yoyamba yalondola. Onjezani malipiro enieni a pamwezi mu J, ndipo mu K muike chonchi:

```
K2:  =I2-B2*J2*E2
```

Mzere uliwonse uyenera kupereka 0. Umene wapereka nambala ina ndi umene uli ndi vuto, ndipo mwaupeza bajeti isanapite kukasainidwa. Ngati kontilakiti imangotchula malipiro a masiku atatuwo osanena athunthu, gawani K480,000 ndi 0.6 kuti mupeze K800,000 yoika mu F.

Pali m'bale wake wa vutoli amene amavutitsa mabungwe okhala ndi mapulojekiti angapo. Akauntanti yemweyo akuti theka la nthawi yake amathera pa pulojekiti ya mbewu. Fomu ya pulojekitiyo ikufunsa gawo la nthawi, wina alemba 50 peresenti, kenako achulukitsa ndi K800,000 n'kupeza K400,000 pamwezi. Koma theka limenelo ndi la maola 24, osati la 40. Ndi maola 12 pa sabata, FTE 0.3, ndalama zake K240,000. Pulojekiti inayo ikachitanso chimodzimodzi, mapulojekiti awiri alipira K800,000 pa munthu wolandira K480,000, ndipo odita akabwera adzafunsa kumene K320,000 ya mwezi uliwonse yapita. Phatikizani magawo a munthu mmodzi pa mapulojekiti onse. Kwa akauntantiyu asapitirire 0.6.

Kusiyana kuli kochepa koma kumabwera mwezi uliwonse

Mukapeza kuti mzere wa anthu olipidwa pa ola ukuperewera pafupifupi 8 peresenti nthawi zonse, wina watenga mwezi ngati masabata anayi. Masabata anayi kuchulukitsa ndi miyezi 12 ndi 48, pomwe chaka chili ndi 52. Masabata anayi athunthu asowa. Mwezi ndi masabata 4.33, ndiye maola athunthu a pamwezi pa sabata ya 40 ndi 173.33, pa sabata ya 48 ndi 208. Wa maola 24 pa sabata amagwira 104 pamwezi, osati 96. Choipitsitsa ndi kusakaniza njira ziwirizi, 96 pamwamba, 173.33 pansi, n'kupeza 0.55 m'malo mwa 0.6.

China ndi kufupikitsa manambala msanga. Mlangizi wa 0.4167 mukamulemba 0.4, anayiwo apatsidwa K9,600,000, ndipo K400,000 yasowa. Excel ikhoza kuonetsa 0.4 pamwamba uku ikusunga nambala yonse mkati, ndipo zimenezo zilibe vuto. Vuto limayamba wina akakopera zimene akuona n'kukazilemba ndi dzanja pa fomu ina. Siyani manambala anayi kumanja kwa kadontho pa H.

Chachitatu chimachokera ku mapepala olembapo nthawi. Maola 7 ndi mphindi 30 ndi 7.5, koma anthu ambiri amalemba 7.30. Pa tsiku limodzi ndi mphindi 12 zokha, pa masiku 200 ndi maola 40. Ndipo ngati kabokosi kalembedwa ngati nthawi ya pa wotchi, monga 7:30, Excel imakasunga ngati gawo la tsiku, ndiye muyenera kukachulukitsa ndi 24 kuti mupeze maola. Pophatikiza maola otere, akadutsa 24 amayambiranso pa ziro pokhapokha mutasankha maonekedwe a `[h]:mm`. Munthu wa maola 30 pa sabata akatuluka ndi maola 6, musafufuze kwina.

Masamu onse alondola koma ovataimu ikudya ndalama

Ili ndi vuto la mtundu wina, ndipo ndi limene ndimaona kuti anthu odziwa masamu amagwa nalo kwambiri, chifukwa mu tebulo mulibe cholakwika chilichonse. FTE imawerenga maola olipidwa. Siiwerenga maola amene munthu alipodi pantchito. Pa akauntanti kusiyanaku sikupweteka kwenikweni: akapita ku tchuthi mapepala amamudikira. Koma pa geti, pa wodi ya chipatala, pa kauntala ya shopu, munthu akachokapo payenera kuimapo wina, ndipo winayo alipidwe.

Tibwerere kwa alonda. Bungweli likufuna mlonda usiku uliwonse kwa maola 8, zomwe ndi maola 56 pa sabata, komanso masana a Loweruka ndi Lamlungu maola 8 tsiku lililonse, zomwe ndi 16. Onse ndi maola 72. Kugawa ndi 48 tipeza 1.5, ndipo alonda athu ndi 1.5 ndendende. Pa pepala zakwanira. Koma zakwanira pokhapokha ngati palibe amene adzapite ku tchuthi kapena kudwala chaka chonse.

Mlonda wa maola 48 amalipidwa maola 2,496 pachaka. Lamulo la ntchito limapatsa wogwira masiku sikisi pa sabata tchuthi cha masiku osachepera 18 pachaka, ndipo wogwira masiku asanu, osachepera 15. Masiku 18 a maola 8 ndi maola 144. Tiyerekeze kuti maholide a boma amene akugwera masiku ake a ntchito chaka chimenecho ndi 12, maola 96. Werengani pa kalendala ya chaka chanu, chifukwa amasinthasintha malinga ndi tsiku limene agwera. Tiyerekezenso masiku 6 a matenda ndi maliro, maola 48, ndipo nambala imeneyi muitenge m'kaundula wanu wa chaka chatha, osati pamutu. Onse pamodzi ndi maola 288. Amene atsala oti munthuyu ali pa geti ndi 2,208.

Geti likufuna maola 72 kuchulukitsa ndi 52, zomwe ndi 3,744 pachaka. Gawani ndi 2,208, osati 2,496, mupeza 1.7. Ngati wothandizira uja amapumula molingana ndi maola ake, alonda awiriwa akusiya maola 432 pachaka opanda munthu. Maola amenewo sadzakhala opanda munthu zenizeni, adzatsekedwa ndi ovataimu, ndipo ovataimu ndi yodula. Ola limodzi la mlonda ndi K240,000 kugawa ndi 208, pafupifupi K1,154. Mwa lamulo ovataimu wamba imalipidwa kamodzi ndi theka, ndipo ya pa tsiku lopuma kapena pa holide ya boma imalipidwa kawiri. Maola 432 pa mtengo wamba ndi pafupifupi K498,000, pa kamodzi ndi theka ndi pafupifupi K748,000, pa kawiri ndi pafupifupi K997,000. Popeza gawo lalikulu la maolawa limagwera pa maholide ndi masiku opuma a mnzake, ndalama zenizeni zimakhala chakumtunda kwa manambalawa.

Njira zilipo ziwiri. Mutha kukweza maola a wothandizira kuchoka pa 24 kupita cha m'ma 33 pa sabata, kuti alonda akwane 1.7, bola mugwirizane kuti maola owonjezerawo azigwira nthawi imene mnzake palibe. Kapena mutha kusiya 1.5 n'kutsegula mzere wapadera wa ovataimu. Chimene simuyenera kuchita ndi kulowetsa ovataimu mu FTE ya munthu, chifukwa mudzabwerera ku 1.2 uja, ndipo maola owonjezerawo adzawerengedwa pa mtengo wamba pomwe si umo amalipidwira. Amene ali ndi malo ofuna munthu usana ndi usiku sabata yonse achite masamu omwewa: maola 168 pa sabata kugawa ndi 48 ndi 3.5, koma maola 8,760 a chaka kugawa ndi 2,208 ndi pafupifupi anthu anayi athunthu.

Malipiro alondola koma zina zowonjezera zaperewera

Mzere wa ndalama zowonjezera pa malipiro umakonda kulembedwa ndi peresenti imodzi kapena kuchulukitsidwa ndi FTE yonse. Zina zimayendadi choncho, zina ayi.

Zimene zimatsatira malipiro zimadzidula zokha. Penshoni imene bwana amaperekera wantchito, yosachepera 10 peresenti, imawerengedwa pa zimene munthu akulandira. Kwa akauntanti ndi K48,000 pamwezi, osati K80,000, ndipo musaidulenso ndi 0.6. Ndi chimodzimodzi 1 peresenti ya TEVET, imene imachokera pa malipiro a antchito. 5 peresenti ya penshoni ya wantchito mwini ndi msonkho wa PAYE zimadulidwa pa malipiro ake, ndiye zili kale mkati mwa K33,580,000 ija, musaziwonjezere pamwamba.

Koma yunifolomu, nsapato, chiphaso, maphunziro a poyamba ntchito, foni, njinga, ndi sikimu ya kuchipatala kumene amalipiritsa pa munthu, zonsezi zimatsatira mitu ya anthu. Mlonda wa 0.5 savala theka la jombo. Tiyerekeze kuti zinthu zotere zimakwana K150,000 pa munthu pachaka. Kuchulukitsa ndi 5.5167 mupeza K827,500, koma anthu ndi 10, ndiye ndalama zofunika ndi K1,500,000. Zaperewera K672,500. Pali zinanso zotsatira munthu ndi mwezi, monga mayunitsi a pafoni a mwezi uliwonse: alangizi amalandira athunthu koma kwa miyezi isanu, ndiye muchulukitse B ndi E, osakhudza G. Ndalama ya thiransipoti ya tsiku ndi tsiku imatsatira masiku obwera. Wosamalira mu ofesi ndi 0.375, koma amakwera minibasi masiku asanu pa sabata ngati woyang'anira, pomwe akauntanti wa 0.6 amakwera masiku atatu.

Apa ndi pamene maganizo akuti anthu awiri a 0.5 ndi chimodzimodzi munthu mmodzi wa 1.0 amagwera. Pa malipiro ndi penshoni ndi zoona. Pa zinthu zotsatira mutu mumalipira kawiri. Musanagawe udindo umodzi kwa anthu awiri, onjezani mzati wina pa tebulo umene ukusonyeza ngati chinthu chilichonse chikutsatira malipiro, mutu, mwezi kapena tsiku, ndipo muone kusiyanako mu makwacha.

Bajeti ikasemphana ndi malipiro, musayambire pa chiwerengero chachikulu cha pansi, chifukwa zolakwika zimenezi zimabisana. Pa bungwe lathuli K864,000 yowonjezera pa alonda, K600,000 yowonjezera pa kalaliki ndi K2,304,000 yoperewera pa akauntanti zikakumana, pansi pamangooneka kuperewera kwa K840,000, pafupifupi 2.5 peresenti ya bajeti yonse, ndipo wina atha kunena kuti n'zazing'ono. Gawani bajeti ndi zotuluka mzere ndi mzere. Yankho likakhala 1.2, mwagawa ndi 40 pa udindo wa 48. Likafanana ndi FTE ya munthuyo, mwadula kawiri. Likakhala 0.92, mwatenga mwezi wa masabata anayi. Mzere ukakhala ndi bajeti m'miyezi imene munthuyo sanalembedwe ntchito, mwaiwala E. Ndipo mizere yonse ikapereka 1.0 koma ndalama zikuperewerabe, tsegulani kaundula wa ovataimu ndi wa tchuthi muwaike pamodzi, muone ngati masiku ake akugwirizana.